Kusunga ŵ potumiza tebulo ngati CSV

Funso: "Ndasandutsa tebulo langa kukhala CSV, koma ndikalitsegula mu Excel, Malaŵi akuoneka ngati MalaÅµi. Nditani?"

Musathamangire kukonza mawu ndi manja, chifukwa kawirikawiri fayiloyo imakhala yabwinobwino. Mu UTF-8, njira yosungira zilembo m'kompyuta, chilembo ŵ chimasungidwa ngati mabayiti awiri, C5 ndi B5. Excel ikatsegula fayilo ndi njira ina yotchedwa Windows-1252, imawerenga bayiti iliyonse ngati chilembo chapachokha: C5 ndi Å, B5 ndi µ. Zilembo zachilendozo zachokera pamenepo.

Choyamba, tsekani fayiloyo osaisunga. Apa ndi pofunika kusamala kwambiri, chifukwa mukasunga MalaÅµi, cholakwikacho chingathe kukhazikika m'fayilo.

Kenako tsegulani Excel yopanda kanthu, pitani pa Data, sankhani From Text/CSV, ndipo lozani fayilo yanu. Pa File Origin sankhani 65001: Unicode (UTF-8). Yang'anani pa chitsanzo chimene chikuoneka. Ŵ akabwerera, dinani Load.

Posunga, sankhani CSV UTF-8, osati CSV wamba. Mtundu wa CSV UTF-8 umaika kachizindikiro kumayambiriro kwa fayilo, kamene kamauza Excel kuti iwerenge ngati UTF-8 ulendo wina.

Koma mukapeza Mala?i, vuto ndi lina. Windows-1252 ilibe ŵ, ndiye posunga chilembocho chinatayika, m'malo mwake munalowa chizindikiro cha funso. Kusintha File Origin sikungachibwezeretse. Bwererani ku tebulo loyambirira, mulisandutsenso posankha UTF-8.