Nyemba zofiira zosawira bwino zikudwalitsa mabanja, musaziphule msanga

Kuyambira pomwe anthu anakolola nyemba za m'dimba ndamva madandaulo amodzimodzi m'mabanja anayi. Adya nsima ya nyemba madzulo, isanakwane nthawi yogona ana ayamba kusanza, kenako akuluakulu, ndipo pakati pa usiku nyumba yonse ikupanga mzere kuchimbudzi. Kutacha onse ali bwino, kungotsala kufooka. Banja lina linati ndi madzi a pachitsime, lina linaloza mankhwala osungira mbewu, ndipo lina linafika pokayikira mpongozi. Pa mabanja onsewa palibe limene linakayikira mphika. Koma nditafunsa bwinobwino, onse anayi anadya nyemba zofiira, ndipo onse anayi anaziphula pamoto zisanabwadamuke mokwanira pofuna kupulumutsa makala.

Nyemba zofiira zosapsa zili ndi poizoni wachilengedwe amene mbewuyo imabadwa naye, ngakhale munthu asathiremo kalikonse. Akatswiri amamutcha faitohemagulutinini, mtundu wa puloteni wa m'gulu la malekitini. Nyemba zambiri zili naye, koma zofiira zazikulu zooneka ngati impso, monga Sapatsika ndi zinzake za mtundu umenewo, ndi zimene zili naye wochuluka. Zoyera za mtundu womwewo zili ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a amene ali mu zofiira. Akalowa m'mimba amakakamira pakhungu la m'kati mwa matumbo n'kulisokoneza, ndiye thupi limafuna kumutulutsa msangamsanga, kukamwa ndi kumusi komwe. Nyemba zinayi kapena zisanu zosaphika ndi zokwanira kudwalitsa munthu wamkulu. Ndikunena njere zisanu zokha, zimene mwana angatole m'beseni momwe mwaviika n'kutafuna mukuyang'ana kumbali.

Poyeza m'chipinda cha kafukufuku, nyemba zofiira zosaphika zimapezeka ndi miyezo ya poizoniyu pakati pa 20,000 ndi 70,000, pamene zophikidwa bwino zimatsala ndi 200 mpaka 400, mlingo umene thupi silimva n'komwe. Chimene chimatsitsa chiwerengerocho ndi kuwira kwenikweni, kobwadamuka, kumene kumafika madigiri 100 kapena kuyandikira pamenepo. Puloteni ameneyu akakumana ndi kutentha kotero ali m'madzi amawonongeka, monga momwe choyera cha dzira chimaumira ukachiphika osabwereranso. Mphindi 10 za kubwadamuka zimakwanira kumuononga, koma bungwe loyang'anira zakudya ndi mankhwala la ku America limalangiza mphindi 30 kuti kutentha kulowe mpaka pakati pa njere iliyonse.

Apa ndi pamene anthu akulakwitsa chaka chino. Makala akwera, nkhuni zili kutali, ndiye ambiri atengera njira ya dengu lophikira: mphika umawiritsidwa pamoto, kenako umaikidwa m'dengu loyalamo nsanza, udzu wouma kapena bulangete, n'kufunditsidwa kuti umalize kupsa ndi kutentha kwake komwe. Njirayi ndi yabwino, ineyo ndaiphunzitsapo m'magulu a amayi ndipo sindikuibweza. Vuto ndi lakuti anthu adula gawo loyamba. Akangoona tithovu tikukwera m'mbali mwa mphika ndi kanthunzi pang'ono, basi ati zawira, aphula, afunditsa. Madzi a tithovu totero amakhala pa madigiri 75 kapena 80. Ukapisamo chala amakuotcha ndithu, koma poizoni uja samuononga. Mphika ukakhala m'dengu maola asanu kapena asanu ndi limodzi nyemba zimafewa ndithu, makamaka zatsopano zongokolola kumene, msuzi umafiira bwino, fungo limamveka, ndipo wophika amakhulupirira kuti zapsa. Kufewako kwabwera ndi nthawi yaitali ija, koma kutentha kowononga poizoni sikunafikepo. Choipa china, kafukufuku anasonyeza kuti nyemba zotenthedwa mpaka madigiri 80 okha zikhoza kudwalitsa kuposa zosaphika n'komwe.

Izi sizinayambire kuno. Ku Britain anthu anadwala m'njira yomweyi m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, ena chifukwa chodya nyemba zongoviika, ena chifukwa cha miphika yamagetsi yophika pang'onopang'ono tsiku lonse osafika powira. Mphika wamagetsi uja ndi dengu lathu zimalakwa mofanana ukaponyamo nyemba zosawiritsa. Abale athu amene ali ku Joni kapena ku Britain ogula miphika yotero amve nawo. Kwa ife a kumapiri kuno ku Dedza ndi Ntcheu pali chinanso: pamalo okwera madzi amawira asanafike madigiri 100, amabwadamuka ali cha pa 95. Ndiye mphindi 10 zija musazidalire, gwirani 30.

Bambo wina wa kalabu yathu ya ulimi wothirira anandipeza pamsika akuoneka wokwiya. Akuti, "Alangizi, mankhwala aja munatiuza kuti tithire m'nyemba atipha. Usiku wathawu tonse kunyumba tatsala pang'ono kupita." Ndinawafunsa kuti nyembazo anathira mankhwala liti. Anakanda m'mutu, akuti zimene anadyazo zinali zatsopano, zomenya sabata yomweyo, zothira mankhwala zili m'thumba lina sanaziyambe. Tinapita limodzi kunyumba kwawo. Mayi a kunyumbako anandionetsa mphika wokula ndithu, anaphika nyemba zodzaza mbale ziwiri kuti zikwanire masiku awiri. Sanaviike. Anatereka pambaula cha m'ma 6 koloko m'mawa ndi makala otsala dzulo lake, ndipo pomwe madzi amayamba kulira makala anali akusanduka phulusa. Anathira kasoda pang'ono, n'kuika m'dengu, n'kupita kudimba. Madzulo anakazinga anyezi ndi tomato, n'kutapa nyemba zija kuthira m'chiwaya, kuvundula kawiri katatu, basi. Anadya cha m'ma 7. Mwana wamng'ono anayamba kusanza 8 itangopitirira, bambowo cha m'ma 9, ndipo kutsegula m'mimba kunatsatira. Mwana wawo wamkulu, amene anadya usipa kwa anzake, anagona tulo tabwinobwino. Mayiwo anandifunsa kuti, "Nanga zinali zofewa bwanji, alangizi?" Ndinatenga njere zitatu m'zotsala zija n'kuzifinya. Ziwiri zinaphwanyika, yachitatu inagawika pakati, m'kati muli kachoyera kouma ngati choko. Bambo aja sanayankhulenso za mankhwala, anangofunsa ngati zotsalazo angapatse nkhumba. Ndinawauza kuti aziwiritse kaye, chifukwa ziweto nazonso nyemba zosaphika sizizikomera.

Soda ndi chidulo zimandikwiyitsa pa nkhani imeneyi. Zimafewetsa khungu la nyemba msanga, ndiye zimanamiza wophika kuti ntchito yatha pamene mphika sunawire mokwanira. Chizolowezi china ndi chothira madzi ozizira mphika uli pamoto, kapu yathunthu, n'kumawerengabe nthawi ngati kuti ukuwira, chonsecho wazizira ndipo utenga mphindi zingapo kuti ubwerere. Koma chachikulu ndi kukana kuviika. Ndamva zifukwa zonse: akuti zimasasa, akuti msuzi sufiira, akuti agogo athu sankatero. Agogo athu anali ndi zitsa za tsanya zoyaka kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mphika umabwadamuka maola atatu. Inu muli ndi kajumbo ka makala kogula pamsika. Mukakana kuviika, n'kukananso kuwotcha makala okwanira, amene amalipira ndi mwana wa zaka zitatu.

Ndipo malipiro ake si ochepa. Wamkulu amachira yekha, kawirikawiri pakatha maola atatu kapena anayi chiyambire kudwala, koma tsiku lotsatira khasu salikweza, dimba limagona osathirira. Mwana wamng'ono ndi nkhalamba madzi amawathera m'thupi msanga. Banja lina mwa anayi aja linalipira kabaza usiku kupita kuchipatala poopa kolera, ndalama yoposa ya makala amene ankapulumutsa. Mphika wonse wa ndiwo unatayidwa. Kunyumba kumene anakayikira mpongozi kuja mpaka lero sakupatsana moni wabwino.

Kuti mudziwe kuti ndi nyemba, yang'anani nthawi. Matendawa amayamba pakati pa ola limodzi ndi maola atatu mutadya, amayamba ndi nseru ndi kusanza kwambiri, kutsegula m'mimba kumabwera pambuyo, ndipo amagwira okhawo amene anadya mphika umenewo. Nthawi zambiri thupi silitentha. Wodwala azimwa Thanzi pang'onopang'ono ngakhale akusanza, ndipo woyamwa asaleke kuyamwa. Koma chimbudzi chikakhala ngati madzi otsukira mpunga, chikakhala ndi magazi, thupi likatentha, maso akalowa m'kati, kapena kukacha osasintha, siyani za nyemba, thamangani kuchipatala. Kwa mwana wakhanda musadikire n'komwe.

Kaphikidwe kake nonse mumakadziwa, ndingokumbutsa. Viikani nyemba madzulo kuti zigone m'madzi, kapena maola osachepera 5. Madzi oviikirawo tayani, ndipo beseni likhale patali ndi ana. Thirani madzi atsopano omiza nyemba zonse, terekani pamoto wamphamvu, ndipo yambani kuwerenga nthawi pokhapokha mphika wonse ukubwadamuka mpaka pakati, nyemba zikuvina. Kuchokera pamenepo mphindi 30. Mukafuna kuwonjezera madzi, akhale otentha. Zikatero ndiye muike m'dengu kapena muchepetse moto, ndipo makala mwapulumutsabe chifukwa nyemba zoviika zimapsa msanga. Zaziwisi zongotong'ola m'makoko sizifuna kuviika koma kuwira zimafuna, chimodzimodzi zosupula makungu za chipere. Za m'chitini zinaphikidwa kale, mungotenthetsa. Ndinatsala pang'ono kuiwala amayi amene akugaya nyemba zongokazinga pang'ono m'chiwaya n'kusakaniza mu ufa wa phala la ana: kukazinga kouma sikuononga poizoniyu mokwanira, ndipo ku Japan m'chaka cha 2006 anthu ambiri anadwala atadya ufa wa nyemba zoyera zokazinga mphindi zochepa. Wiritsani nyembazo kaye mphindi 30, muyanike padzuwa ziume, ndiye mupite nazo kuchigayo.