Momwe mungadziwire ngati ntchito za sola kapena zonyamula katundu zikukuladi

Musanalipire maphunziro chifukwa chongomva kuti "tsogolo lili ku sola", tengani kope n'kuyamba kulondola nokha zolengeza za ntchito. Miyezi itatu ndi yokwanira.

Choyamba, sabata iliyonse lembani zinthu zinayi pa cholengeza chilichonse: dzina la kampani, udindo, zomwe akufuna kwa wofunsira, komanso kutalika kwa kontirakiti.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pomwe ambiri amasokera, siyanitsani kukula kwa ntchito ndi kuthawa kwa antchito. Tinene kuti mwapeza zolengeza 30 za madalaivala a malole, koma 20 n'zochokera ku kampani imodzi, udindo womwewo mwezi ndi mwezi. Kumeneko si kukula ayi. Anthu akungolowa n'kutuluka, kawirikawiri chifukwa cha malipiro kapena kutalika kwa maola. Koma ngati zolengeza ndi 12 zokha, zochokera ku makampani 8, ndipo ena akufuna woyang'anira nthambi yatsopano, ntchitoyo ikufalikiradi. Ine ndimakhulupirira kuchuluka kwa makampani kuposa kuchuluka kwa zolengeza.

Chachitatu, onani maudindo omwe akutsatana. Ku sola amayamba ndi ogulitsa ndi oyika mapanelo, pamodzi ndi amisiri a magetsi olumikiza inveta ndi mabatire. Anthu ambiri agula chifukwa mtengo wa mapanelo unatsika ndi pafupifupi 90 peresenti pakati pa 2010 ndi 2020. Koma kuyika kumachitika kamodzi. Mapanelo amatha kukhala zaka 25, pomwe batire ya asidi imafooka pakangotha zaka zochepa, ndipo inveta nayo siyifika zaka za mapanelo. Ndiye mukayamba kuona zolengeza zofuna okonza zowonongeka, osamalira makasitomala ndi otolera ndalama kwa ogula pang'onopang'ono, dziwani kuti msika wakhwima. Mukaona oyika okhaokha pa kontirakiti ya miyezi isanu ndi umodzi, mwina ndi pulojekiti imodzi chabe. Ikatha, ntchito yathanso.

Ku zonyamula katundu musamangoyang'ana madalaivala. Kampani yomwe ikukula imafunanso osunga kaundula wa katundu m'nyumba zosungiramo, oyendetsa makina onyamulira katundu, okonza ndondomeko ya maulendo, amakaniko, ndi odziwa zikalata zolowetsera katundu pamalire.

Pomaliza, bwererani ku kope lija ndi cholembera. Chongani chiyeneretso chomwe chikubwera mobwerezabwereza: satifiketi ya zamagetsi, laisensi ya galimoto yaikulu, kapena kudziwa Excel. Chomwe chapezeka m'zolengeza zoposa theka ndicho choyenera ndalama zanu. Dziwaninso kuti makampani ang'onoang'ono ambiri salengeza, amangouzana pakamwa. Choncho kachezeni ndi amisiri awiri kapena atatu, muwafunse funso limodzi: "Kodi chaka chino mwalembapo anthu angati atsopano, ndipo ndi angati omwe adakalipo?"