Momwe mungatetezere mwana ngati magazi anu ali a Rh negetivu

Mukayamba sikelo, pemphani kuti akuyezeni gulu la magazi ndipo zotsatira zake zilembedwe m'buku lanu la kuchipatala. Ngati chipatala chanu chaching'ono sichiyeza, pemphani kuti akutumizeni ku chipatala cha boma cha Chikwawa kapena cha Nsanje. Yang'anani chizindikiro chimene chili pambali pa chilembo cha gulu la magazi anu, chifukwa ndicho chimasonyeza Rh: O+ ndi Rh pozitivu, O- ndi Rh negetivu. Zimenezi sizikhudzana ndi kachilombo ka HIV ndipo si matenda. Munthu amangobadwa nawo magazi otere.

Vuto limabwera pamene mayi ali negetivu koma mwana watengera magazi a pozitivu kwa bambo ake. Magazi a mwana akalowa m'thupi la mayi, makamaka pa nthawi yochira pamene nsengwa ikuchoka, thupilo limawaona ngati mdani n'kupanga asilikali olimbana nawo. Mwana woyamba kawirikawiri amabadwa bwinobwino chifukwa asilikaliwo amakhala asanapangike, koma pa mimba yotsatira amadutsa pa nsengwa n'kumaphwanya magazi a mwana. Mwanayo amachepa magazi, amatha kutupa thupi akadali m'mimba, kubadwa ndi chikasu choopsa, ngakhalenso kubadwa atamwalira. Zimandimvetsa chisoni kuti mayi wotaya ana motsatizana m'njira imeneyi amatha kuganiziridwa zina pamudzi, chonsecho gwero lake likanadziwika ndi kuyeza magazi kamodzi kokha.

Mukapezeka negetivu, abambo a mwanayo nawonso ayezedwe. Akakhala negetivu, mwana adzakhalanso negetivu ndipo palibe choopsa. Akakhala pozitivu, funsani ngati n'kotheka kukuyezani kuti aone ngati thupi lanu linapanga kale asilikali aja, ndipo musabise mimba zimene zinapita padera m'mbuyomu, chifukwa nazonso zimatha kuyambitsa vutoli.

Pali jakisoni woteteza ku vutoli amene amatchedwa Anti-D. Ntchito yake ndi kuchotsa magazi a mwana amene alowa mwa mayi thupi lisanayambe kupanga asilikali, choncho amateteza makamaka mimba zam'tsogolo. Mlingo wodziwika kwambiri ndi mamaikologalamu 300, umene pa bokosi umalembedwa 1500 IU. Kumene mankhwalawa alipo okwanira, mayi amabayidwa mimba ikafika masabata 28, kenako amabayidwanso akachira ngati mwana wapezeka pozitivu. Ngati asilikali anapangika kale, jakisoniyu sathandizanso, ndipo chofunika ndi kuyang'aniridwa pa chipatala chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre.

Chimene chiyenera kukhala pamtima panu ndi malire a maola 72. Tiyerekeze kuti mayi wa O- wa ku Makhanga wachira Lachisanu 10 koloko usiku. Azamba atenge magazi a pa mchombo kuti gulu la mwana liyezedwe. Mwana akapezeka pozitivu, mayiyo ayenera kubayidwa isanakwane 10 koloko usiku wa Lolemba, ndipo Loweruka ndi Lamlungu zimawerengedwa m'maola amenewo. Ngati magazi a mwana sanayezedwe, ndi bwino kubayidwa kusiyana ndi kudikira zotsatira mpaka nthawi itatha. Masiku atatu akadutsa musataye mtima, pitanibe msanga, chifukwa mpaka masiku 10 jakisoniyu amatha kuthandizako, ngakhale kuti mphamvu yake yoteteza imakhala itachepa.

Kwa ife a m'chigwa cha Shire, maola amenewa amatha msanga m'nyengo ya dzinja, pamene Ruo ndi Shire zasefukira ndipo misewu yaduka. Ndiye funsani mimba ikadali yaing'ono kumene Anti-D amapezeka, chifukwa si chipatala chilichonse chimene chimakhala naye, ndipo ngati n'kogula, yambani kusunga ndalama. Tsiku lochira likagwa pakati pa Januwale ndi Malichi, kakhaleni kuchidikiro nthawi ikadalipo. Mankhwalawa amasungidwa m'filiji pakati pa madigiri 2 ndi 8, choncho musagule n'kukasunga m'chikwama kunyumba, kutentha kwa kuno kuwaononga.

Malire a maola 72 amagwiranso ntchito mukapita padera, mimba ikakhala kunja kwa chiberekero, mukataya magazi muli oyembekezera, kapena mukamenyeka pamimba, monga kugwa pa njinga ya kabaza. Mukafika kuchipatala nenani nokha kuti ndinu a Rh negetivu, ndipo chitetezochi chimafunika pa mimba iliyonse, osati yoyamba yokha.

Mwana akabadwa, muyang'aneni pa kuwala kwa masana. Dinikizani pang'ono ndi chala pamphumi kapena pamphuno pake, ndipo onani maso ndi nkhama. Chikasu choonekera m'maola 24 oyambirira, kugona kwambiri ndi kukana bere ndi zizindikiro zofuna dokotala nthawi yomweyo. Mwana wotere amaikidwa pa magetsi apadera ochotsa chikasu, mwinanso kusinthidwa magazi. Kumuothetsa dzuwa pakhonde sikukwanira, chifukwa chikasu chikakwera kwambiri chimaononga ubongo ndi makutu.