Momwe ndinapezera tsiku lokumana ndi a supavaiza

Ndimakhala ku Chipata, sukulu ili ku Lusaka, ndiye kukumana ndi a supavaiza pa nkhani ya thesisi kumafuna kupangana kaye. Ndinkatumiza imelo yakuti "Adokotala, ndingakuoneni liti?" koma zii, osayankha. Ndinayesa kuimba foni, ali mkalasi.

Chinathandiza ndi kuwachepetsera ntchito. Pa mutu wa imelo ndinalemba dzina langa, nambala ya sukulu ndi "Chaputala 3, pempho lokumana". Mkatimo moni mwaulemu, kenako mafunso awiri okha, ndipo apa mpamene panagona nkhani, funso lililonse ndinatchula tsamba lake. Loyamba, alimi 60 omwe ndasankha ku Katete akukwana kapena ndionjezere, tsamba 14. Lachiwiri, mafunso a alimi ndiwamasulire m'Chinyanja ndisanapemphe chilolezo cha kafukufuku kapena pambuyo.

Ndinaperekanso nthawi zitatu, Lachiwiri 10:00, Lachitatu 14:00, Lachisanu 09:00, mphindi 30 basi, nkuwonjezera kuti ngati sizitheka atchule yawo. Ndinawauzanso kuti kubwera ku Lusaka ndifunika kudziwiratu masiku awiri chifukwa cha basi, apo ayi tikambe pa Zoom, bandulo ndigula. Chaputalacho ndinachiphatikiza ngati PDF.

Mawa lake anayankha, "Lachitatu pa Zoom."