Musanaike purosesa yatsopano, onani soketi ndi bayosi

Malangizo awa ndi a inu amene mumagula zida za kompyuta ku Mchinji n'kukazimangira ku Chipata kapena ku Katete. Kubweza katundu podutsa pa Mwami n'kovuta, conco fufuzani musanalipire.

Yatsani kompyuta purosesa yakale ikali momwemo. Dinizani `Windows` ndi `R` pamodzi, lembani `msinfo32` n'kudiniza `Enter`. Koperani papepala zimene zili pa `BaseBoard Product` ndi pa `BIOS Version/Date`. Coyambaco ndi dzina la mazabodi yanu, caciwirico ndi nambala ndi deti la bayosi, pulogalamu ya pa mazabodi imene imazindikira zida kompyuta ikamayaka. Kenako pitani pa webusaiti ya amene anapanga mazabodiyo, tsegulani `CPU Support List`, mupeze purosesa imene mufuna. Pambali pake amalemba bayosi yoyambira kuizindikira. Ngati purosesayo palibe pamndandanda, musaigule.

Kufanana kwa soketi pakokha sikukwanira. Tinene kuti muli ndi mazabodi ya `B450` ndipo mufuna `Ryzen 5 5600X`. Zonse ndi za soketi ya `AM4`, purosesa idzakhala bwinobwino. Koma inatuluka mu Novembala 2020, ndiye bayosi ya 2019 siidziwa. Mukayatsa, mafani azungulira koma sikirini ikhala yakuda, ndipo pamabodi ena kagetsi kolembedwa `CPU` sikazima. Apa ambiri amaganiza kuti awagulitsa purosesa yakufa, pamene ili bwino.

Ndiye yambani ndi kuika bayosi yatsopano, purosesa yakale musanaicotse. Tengani pa webusaiti ija fayilo ya bayosi ya dzina lenileni la mazabodi yanu, osati lofanana nalo, ndipo onaninso nambala ya `REV` ngati yalembedwa pabodipo. Ikani fayiloyo pa fulashi ya `FAT32`. Poyatsa dinizani `Del`, musankhe `M-Flash`, `Q-Flash` kapena `EZ Flash`, malinga ndi kampani. Nchitoyi imatenga mphindi zocepa, ndipo kompyuta ingazime n'kudziyatsa yokha. Musaikhudze. Malaiti akathima pakati, mazabodi ingaleke kuyaka, conco conde lumikizani ku batire yosunga magetsi.

Ngati purosesa yakale mulibe, yang'anani kumbuyo kwa mazabodi ngati kuli batani la `BIOS Flashback`, `Flash BIOS` kapena `Q-Flash Plus`. Limagwira nchito popanda purosesa, bola mwalumikiza nthambo zamagetsi za mapini 24 ndi 8, fayilo mwaipatsa dzina limene buku la mazabodi lanena, ndipo fulashi ili pa doko lake lolembedwa. Dikirani kagetsi kaleke kuphethira.

Poika purosesa, zimitsani ndi kuzula pulagi. Linganizani kacizindikilo ka makona atatu ka pakona ya purosesa ndi ka pasoketi. Iyenera kutsika yokha. Ikakana, musakanikize, cifukwa pa `AM4` mapini ali pa purosesa ndipo sacedwa kupindika. Dziwaninso kuti `5600X` payokha siitulutsa zithunzi, conco nthambo ya sikirini ilowe pa khadi la zithunzi, osati pa mazabodi.