Banki ikagwa, maakaunti anu onse amawerengedwa pamodzi

Ku Malawi kuno ndalama zosungitsa ku banki zimatetezedwa ndi bungwe la Deposit Insurance Corporation, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2022. Mabanki ndiwo amasonkha ndalama ku thumba la bungweli, ndipo wosungitsa salipira kanthu. Komabe banki ikatsekedwa, bungweli limabweza ndalama mpaka pa malire oikika, ndipo malirewo amawerengedwa pa munthu mmodzi ku banki imodzi, osati pa akaunti iliyonse.

Tiyerekeze kuti malirewo ndi K3 miliyoni. Mlimi wa tiyi wasunga K2 miliyoni ku nthambi ya ku Thyolo ndi K2.5 miliyoni ku nthambi ya banki yomweyo pa boma la Mulanje, poganiza kuti wagawa chuma chake pawiri. Bankiyo ikagwa, ndalamazo zidzaphatikizidwa kukhala K4.5 miliyoni, iye adzalandira K3 miliyoni, ndipo K1.5 miliyoni yotsalayo adzaidikira mpaka katundu wa banki atagulitsidwa ndiponso ngongole za bankiyo zitatoleredwa, zomwe zimatenga nthawi yaitali ndipo mwina sizingabweze zonse. Akadasunga ku mabanki awiri osiyana, ndalama zake zonse zikadatetezedwa.

Choncho funsani ku banki yanu malire omwe akugwira ntchito panopa, chifukwa amasintha, ndipo onetsetsani kuti dzina la pa akaunti likufanana ndi la pa chiphaso chanu cha unzika, poti kusiyana kwa maina kumachedwetsa malipiro. Ndalama za ku banki mkhonde, ngakhale ambirife timazidalira, sizili pansi pa chitetezo chimenechi.