Momwe mungayankhire mafunso a bayokemisitiri okhudza kukhuta, kusala kudya ndi njala

Ophunzira ambiri a zaudokotala kuno ku Blantyre amaloweza njira zonse za m'maselo, koma funso likafika loti ndi njira iti ikugwira ntchito, mutu umaima. Ine ndimawauza kuti ayambe awerenga maola, mayina a maenzayimu abwere pambuyo.

Choyamba, pezani nthawi imene munthuyo anadya komaliza. Ngati sipanathe maola 4, insulini ili pamwamba ndipo thupi likututa ndi kusunga: likuphwanya gulukozi kuti lipeze mphamvu, likumanga gilayikojeni, wotsalayo likumusandutsa mafuta. Apa sipavuta.

Chachiwiri, maola 4 akadutsa, ganizani za gulukagoni ndi chiwindi. Tiyerekeze bambo wa ku Ndirande wadya nsima 7 koloko usiku, ndipo amuyeza magazi 7 koloko m'mawa asanamwe ngakhale tiyi. Apita maola 12. Shuga wa m'magazi mwake akuchokera kuti? Wambiri akuchokera ku gilayikojeni wa m'chiwindi, nkhokwe ya magalamu pafupifupi 100. Koma nkhokweyi imatha pakapita tsiku limodzi. Funso lomwelo likanena maola 36, yankho lasintha: tsopano ndi gulukoniyojenesisi, kutanthauza kuti chiwindi chikupanga gulukozi watsopano kuchokera ku lakiteti, alanini ndi giliserolo.

Apa pali misampha iwiri imene imandimvetsa chisoni, chifukwa imagwetsa ngakhale owerenga mwakhama. Gilayikojeni wa m'minofu sakweza shuga m'magazi, poti minofu ilibe enzayimu ya gulukozi-6-fosifatezi. Zimene yasunga imadya yokha. Komanso ma asidi a mafuta sasanduka gulukozi. Amangopereka mphamvu yoyendetsera ntchito yopanga gulukoziyo, ndipo pa mafuta osungidwa, giliserolo ndiye amalowa m'njirayi.

Chachitatu, pakapita masiku 3 kapena kuposa, funsani kuti ndi chiwalo chiti chikunenedwa. Chiwindi chikupanga maketoni ochuluka, koma ichocho sichingawagwiritse ntchito. Ubongo umayamba kudya maketoniwo, choncho sufunanso gulukozi wambiri, ndipo thupi limachepetsa kuphwanya mapuloteni a m'minofu. N'chifukwa chake yureya wa mumkodzo amatsika njala ikatalika. Maselo ofiira a magazi alibe mitokondiriya, ndiye amadalirabe gulukozi, kaya munthu wakhuta kaya watha milungu osadya.

Musanasankhe yankho, onetsetsani ngati funso latchula matenda a shuga. Mwana wodwala shuga wa mtundu woyamba amene sanabaye insulini akhoza kukhala atangodya mbale ya phala, shuga ali pamwamba kwambiri, koma chiwindi chake chikupangabe gulukozi ndi maketoni ngati wa njala. Pamenepo maola asiyeni, tsatirani insulini amene palibeyo.